Kwa Akuluakulu a Zaumoyo: Makapisozi Ogula Popanda Pepala la Dokotala Akutithera Mankhwala

Olemekezeka akuluakulu oyendetsa ntchito zaumoyo, oyang'anira malamulo a kagulitsidwe ka mankhwala, ndi inu nonse amene mumakonza mauthenga opita kwa anthu,

Ndalemba kalata ino chifukwa uthenga wanu wokhudza tizilombo tosamva mankhwala ukufika kwa anthu uli wopotoka. Chaka chilichonse, kuyambira pa 18 mpaka pa 24 Novembala, dziko lonse limakhala ndi sabata yokumbutsana za vutoli. Zikwangwani zimapachikidwa, pawailesi pamamveka mawu akuti tisamwe mankhwala mwachisawawa. Koma mukamufunsa munthu amene wamva zonsezi kuti vuto lenileni n'chiyani, nthawi zambiri amayankha kuti ukamamwa mankhwala pafupipafupi thupi limawazolowera, ndiye amaleka kugwira ntchito.

Yankho limeneli n'lolakwika, ndipo limapweteketsa. Amene akukhulupirira kuti chozolowera ndi thupi amadziwerengera yekha n'kuona kuti iye samwaimwa mankhwala, choncho nkhaniyi si yake. Wina amachepetsa dala mlingo, kapena amalekeza panjira, akuti kuti thupi lisazolowere. Ndipo palibe amene amaganizira za khanda limene silinalawepo mankhwala chibadwire, koma lingathe kudwala matenda a m'magazi osamva jakisoni lisanathe n'komwe sabata imodzi. Thupi la khandalo lazolowera liti? Chimene chimasintha ndi tizilombo, ndipo tizilombo timayenda kuchoka kwa munthu mmodzi kupita kwa wina. Uthenga uliwonse umene sunanene zimenezi momveka wasiya nkhani yonse panja.

Kufotokoza kwake sikovuta monga ena amaopera. Maantibayotiki, monga amokisisilini, bakitilimu ndi dokisisayikilini, ndi mankhwala opha tizilombo ta mtundu umodzi totchedwa mabakiteriya. Mavairasi, amene amayambitsa chimfine ndi zilonda zapakhosi zambiri, sawakhudza n'komwe. Amokisisilini amagwira ntchito pogwetsa khoma limene bakiteriya amadzimangira pomwe akukula. Vairasi alibe khoma loterolo, ndiye mankhwalawo amangomudutsa. Chachiwiri chimene anthu ambiri sanauzidwepo n'chakuti munthu wathanzi labwino amakhala ndi mabakiteriya osawerengeka m'matumbo, pakhungu, m'mphuno ndi m'kamwa. Ambiri mwa iwo sachita choipa chilichonse, ena amathandiza kugaya chakudya ndi kutsekereza oipa kuti asapeze malo. Kapisozi akamezedwa sasankha kumene akupita. Munthu wamwera chifuwa, koma mankhwalawo adutsa m'matumbo, alowa m'magazi, afika paliponse.

Pakati pa unyinji wa mabakiteriya a m'matumbowo pamakhala ochepa amene ali kale ndi njira yodzitetezera. Ena amapanga chinthu chodula mankhwalawo asanafike pakhoma, chimene akatswiri amachitcha betalakitamezi. Ena amawapopera kunja akangolowa. Masiku onse ochepawa amapanikizika chifukwa anzawo ndi ambiri ndipo akulimbirana nawo chakudya ndi malo. Mankhwala akabwera amapha ofooka aja n'kusiya olimbawo ali okha. Fanizo limodzi limene ndaona kuti anthu amaligwira msanga ndi la munda: ukapalira n'kuchotsa udzu wonse wofewa koma n'kusiya udzu wa mizu yozama, mvula ikagwa umene udzadze mundawo ndi wa mizu yozama uja, chifukwa tsopano ulibe wopikisana nawo. Kuswana kwa mabakiteriya n'kwachangu kwambiri. Bakiteriya wa m'matumbo wotchedwa E. koli, akapeza zonse zimene amafuna, amagawikana pawiri mphindi 20 zilizonse, moti mmodzi angathe kukhala oposa 2 miliyoni m'maola 7 okha. M'thupi amachedwerapo, komabe masiku ochepa amakwana.

Palinso china chimene chimadabwitsa ngakhale ophunzira. Mabakiteriya amapatsirana luso lodzitetezerali okhaokha, ngakhale a mitundu yosiyana. Malangizo ake amakhala pa timphete ting'onoting'ono totchedwa mapulazimidi, ndipo bakiteriya mmodzi amatha kugundana ndi mnzake n'kumupatsira kamphete kameneko. Kamphete kamodzi kangathe kunyamula chitetezo ku mankhwala atatu kapena anayi nthawi imodzi. Choncho munthu amene wamwa mankhwala amodzi angathe kuchulukitsa tizilombo tosamvanso mankhwala ena amene iye sanawamwepo.

Lolani ndikuyendetseni pa chitsanzo chimodzi, chifukwa ndi mmene ndingafunire kuti nkhaniyi izifotokozedwa. Si munthu weniweni, koma dokotala aliyense amene wagwirapo ntchito muwodi adzauzindikira ulendo wake.

Tiyerekeze mayi wa zaka 30 wadzuka ndi chimfine. Mphuno ikuchucha, pakhosi pakukanda, thupi likuphwanya pang'ono, akutsokomola. Apita kwa wogulitsa mankhwala n'kunena kuti: "Mundipatseko makapisozi a chifuwa, ofiira ndi achikasu aja." Ndalama zimene ali nazo zikukwanira makapisozi 6 a amokisisilini a mamiligalamu 250. Wogulitsa adula pepala la makapisozilo ndi lumo, bokosi ndi kapepala ka malangizo zitsala pashelefu. Mayiyo amwa mmodzi m'mawa, wina madzulo, kwa masiku atatu. Tsiku lachinayi akupezako bwino, ndipo akuthokoza makapisozi. Chimene sakudziwa n'chakuti chimfine chimafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, kenako chimayamba kutsika chokha, n'kutha pakati pa masiku 7 ndi 10, ngakhale chifuwa chake chingatsalire kwa masabata awiri kapena atatu. Akadapanda kumwa kanthu akadachira tsiku lomwelo. Apa ndi pamene pagona mphamvu ya chizolowezichi: matenda ochira okha amapatsa makapisozi ulemu umene sanaugwirire ntchito, ndipo ulendo wotsatira munthuyo amabwerera kwa wogulitsa ali ndi umboni wa maso ake.

Ngakhale matenda ake akadakhala a mabakiteriya, zimene wamwazo sizikadakwanira. Munthu wamkulu akalemberedwa amokisisilini, kawirikawiri amamwa mamiligalamu 500 kapena kuposerapo, katatu patsiku, maola 8 alionse, kwa masiku 5 kapena monga dokotala waonera. Pa makapisozi a mamiligalamu 250 ndiye kuti awiri nthawi iliyonse, 6 patsiku, 30 pa masiku asanu. Mayi uja wamwa m'masiku atatu zimene zimayenera kutha tsiku limodzi. Kumwa katatu patsiku sikuti n'kukonda kwa dokotala. Impso zimachotsa amokisisilini m'magazi mofulumira, pafupifupi theka pa ola lililonse, ndipo mankhwalawa amapha bwino pokhapokha akakhala m'thupi pa mlingo wokwanira kwa maola ambiri a tsikulo. Mlingo ukakhala wochepa ndiponso wotalikirana, tizilombo timalawa mankhwala koma osafa tonse.

Tsopano kwa chimfine makapisoziwo sanachite kanthu, koma m'matumbo achita zambiri. E. koli womva amokisisilini wachepa, wosamva wachuluka. Mayiyo sakumva kalikonse, chifukwa m'matumbo bakiteriya ameneyu sapweteka munthu. Kusintha koteroko kumakhala kwakukulu m'mwezi woyamba, ndipo kungathe kukhalapobe kwa miyezi yambiri, mwina mpaka chaka.

Patha miyezi iwiri, ndipo mayiyo wayamba kumva kuwotcha pokodza, akupita kuchimbudzi pafupipafupi, mkodzo ukutuluka pang'onopang'ono. Awa ndi matenda a m'chikhodzodzo, ndipo ambiri mwa matenda otere amayamba ndi E. koli wochokera m'matumbo a munthu mwini wake. Amene walowa m'chikhodzodzo ndi uja anapambana miyezi iwiri yapitayo. Mayiyo agulanso makapisozi omwe aja, popeza "anandithandiza ulendo watha", koma pano sakuthandiza. Wogulitsa amuuza kuti pali ena amphamvu, n'kumupatsa mapiritsi anayi a sipulofulokisasini. Ululu uchepa, iye aleka. Patapita sabata akuyamba kunjenjemera, thupi latentha kwambiri, m'chiuno cha kumbuyo mukupweteka mbali imodzi, akusanza. Matenda akwera afika kuimpso.

Akafika kuchipatala ali chonchi, dokotala alibe nthawi yodikira. Atenga mkodzo ndi magazi kuti apite kulabotale, n'kuyamba jakisoni wa sefitiriyakizoni, amene ndi mankhwala odaliridwa kwambiri m'mawodi ambiri padziko lapansi. Kulabotale amabzala tizilomboto m'kambale kuti tikule, kenako amaika timapepala tozungulira tonyowetsedwa ndi mankhwala osiyanasiyana. Mankhwala akakhala kuti akugwira ntchito, pozungulira kapepalako pamakhala bwalo loyera, lopanda tizilombo. Akakhala kuti sakugwira, tizilombo timamera mpaka kukhudza kapepalako. Ntchito yonseyi imatenga masiku awiri kapena atatu. Ndipo apa kugula mankhwala mwamseri kumapwetekanso kachiwiri: mapiritsi amene munthu wamwa posachedwa angathe kufooketsa tizilombo kuti tisamere m'kambale pomwe m'thupi tili moyo, zotsatira n'kubwera zopanda kanthu. Odwala ambiri sanena n'komwe kuti anamwa kale mankhwala, poopa kukalipiridwa. Ena akufuna kunena koma dzina lake sakulidziwa, chifukwa anapatsidwa m'kapepala kopanda cholembedwa.

Tiyerekeze kuti pa mayi wathuyu tizilombo tamera, ndipo zotsatira zikuonetsa kuti amokisisilini, bakitilimu, sipulofulokisasini ndi sefitiriyakizoni onse sakugwira. Ndiye kuti kwa masiku atatu wakhala akubayidwa jakisoni amene sakumuchiza. Chizindikiro chake chinali kale pa tchati cha kumapazi kwa bedi: patatha maola 48 mpaka 72 thupi likutenthabe, mtima ukuthamangabe. Otsala ndi mankhwala onga meropenemu, operekedwa kudzera m'mtsempha katatu patsiku, okwera mtengo, amene zipatala zambiri zing'onozing'ono sizisunga. Matenda amene poyamba akadatha ndi mapiritsi a nayitulofulantoyini kwa masiku asanu, ali m'chikhodzodzo mokha, tsopano akufuna bedi, diripi ndi mwayi. Mapiritsi amenewo sangathandizenso pa nthawi ino, chifukwa amagwira ntchito mumkodzo, safika mokwanira m'mnofu wa impso.

Nkhaniyo siithera pa iye. E. koli yemwe uja amatuluka ndi chimbudzi, amakhala m'manja, pa chotsegulira chitseko, m'madzi ngati chimbudzi chili pafupi ndi chitsime. Mwana wake, amuna ake, agogo a m'nyumbamo angathe kumutenga osadwala, n'kumusunga m'matumbo mpaka tsiku limene adzapeze mpata. Mayi woyembekezera angathe kumupatsira khanda pobereka. Ndi mmene khanda lija limadwalira matenda osamva mankhwala lisanamwepo kanthu.

Kunena zoona, mankhwala olembedwa ndi dokotala nawonso amasintha tizilombo ta m'matumbo mofananamo. Bakiteriya sadziwa ngati kapisozi wabwera ndi pepala kapena ayi. Ndikunena izi chifukwa mukabisa, wina wanzeru pamsonkhano adzafunsa, ndipo mudzataya gulu lonse. Kusiyana kwake n'kwakuti mankhwala akaperekedwa pa matenda amene akuwafunadi, timalipira mtengo umenewo n'kupeza moyo wa munthu. Akamwedwa pa chimfine timalipira mtengo womwewo popanda chimene tapeza. Pepala la dokotala phindu lake lili pa zimene zachitika lisanalembedwe: wina wamuona wodwalayo, wamufunsa, wamumvetsera m'chifuwa, waganiza ngati maantibayotiki akufunika n'komwe, wasankha oyenera chiwalo chimene chadwala, wawerengera mlingo molingana ndi msinkhu ndi kulemera, wafunsa ngati ndi woyembekezera kapena ngati penisilini anamutulutsapo ziwengo. Wogula pawindo amadumpha zonsezi, ndipo mlingo wake amausankha ndi ndalama zimene zili m'thumba.

Alexander Fleming, amene anatulukira penisilini mu 1928, anaziona izi zisanafike. Polandira mphoto ya Nobel mu 1945 anachenjeza kuti idzafika nthawi imene aliyense azidzagula penisilini m'sitolo, ndipo munthu wosadziwa adzamwa wochepa, n'kuphunzitsa tizilombo take kupirira. Kafukufuku wamkulu amene anasindikizidwa mu 2022 anapeza kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni anamwalira chifukwa cha mabakiteriya osamva mankhwala, kuposa amene anamwalira ndi malungo kapena Edzi chaka chimenecho, ndipo mwa asanu alionse mmodzi anali mwana wosakwana zaka zisanu. Manambala amenewa ndi anu, akuluakulu, a pa tebulo logawira chuma. Pamsonkhano wa anthu wamba sasuntha munthu. Chimene chimasuntha ndi kukumbutsa achikulire za kolorokwini, mankhwala a malungo amene anali odalirika mpaka tizilombo ta malungo tinaleka kuwamva m'maiko ambiri. Amene anaona zimenezo ndi maso safuna kuuzidwa kawiri kuti mankhwala abwino amatha mphamvu kwa aliyense nthawi imodzi, kwa womwa ndi wosamwa yemwe.

Pempho langa loyamba ndi lakuti uthenga usathere pa "musagule". Mayi amene mwana wake akutsokomola usiku wonse akufuna kudziwa chochita, ndipo mukamuletsa makapisozi osamupatsa china m'malo mwake adzapita kukagula basi. Muphunzitseni kuwerenga mpweya. Mwana akakhala phee, osalira, amuvule malaya n'kuwerenga kukwera kwa chifuwa kwa mphindi imodzi yathunthu. Kwa mwana wa miyezi 2 mpaka 11, kupuma ka 50 kapena kuposerapo n'kofulumira. Kwa wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu malire ndi 40. Kwa khanda losakwana miyezi iwiri ndi 60, ndipo khanda lotere likangotentha thupi kapena kuleka kuyamwa ulendo ndi wa kuchipatala nthawi yomweyo. Kupuma kofulumira, kapena m'munsi mwa nthiti kulowa m'kati mwana akamakoka mpweya, ndi zizindikiro za chibayo. Pamenepo amokisisilini amapulumutsadi moyo, koma pa mlingo woyezedwa ndi wazaumoyo, osati kapisozi wa munthu wamkulu wotsegulidwa n'kuthiridwa m'supuni. Mwana amene akukomoka, akusanza chilichonse, akulephera kumwa kapena ali lefu osadzuka bwino, asachedwetsedwe ndi china chilichonse. Koma amene akungochucha mamina, akupuma bwino, akudya ndi kusewera, akufunika zakumwa zambiri, parasetamo ngati thupi latentha, ndi diso la kholo. Mamina kusanduka achikasu kapena obiriwira si umboni wakuti pakufunika maantibayotiki, zimachitika pa chimfine wamba.

Kutsegula m'mimba n'chimodzimodzi. Kwa ana ambiri kumayamba ndi mavairasi, ndipo chimene chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Mankhwala ake ndi madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi aja, pamodzi ndi zinki kwa masiku 10 mpaka 14. Maantibayotiki amaganiziridwa chimbudzi chikakhala ndi magazi kapena pakakhala kolera, ndipo woganizira ndi wachipatala. Komabe metironidazo, amene ambiri amamudziwa kuti fulajilo, akumwedwa pa mimba iliyonse imene yalira.

Pa uthenga wakuti "malizani mankhwala onse" ndikupempha kusamala pang'ono. Ena amaumva ngati kuti kumwa masiku ambiri ndiye chitetezo, mpaka amakagula ena owonjezera. Sizili choncho. Tsiku lililonse lowonjezera popanda chifukwa ndi tsiku linanso lopalira udzu wofewa. Pa matenda ambiri madokotala masiku ano amalemba masiku ochepa kusiyana ndi kale. Uthenga wolondola ndi wakuti munthu amwe monga walemberedwa, osachepetsa, osawonjezera, osagawira mnzake, osasunga otsala. Ndipo akaona kuti patha masiku awiri kapena atatu osasintha, abwerere kumene anamulembera atanyamula paketi ya mankhwalawo, asapite kukafuna "amphamvu".

Pempho lachiwiri ndi lovutirapo, chifukwa likukhudza inuyo. Munthu amene amagula makapisozi si wopusa. Wawerengera mtunda wopita kuchipatala, tsiku lathunthu pamzere, ntchito imene aisiye, ndipo akudziwa kuti akafika angathe kuuzidwa kuti mankhwala atha, akagule. Nthawi zina amauzidwa pakamwa pokha, popanda pepala. Ulendo wotsatira amangodula njira, n'kupita kumene akudziwa kuti akathera. Amaonanso kuti kuchipatala komweko, akaonedwa kwa mphindi ziwiri, amatuluka ndi amokisisilini pa chimfine chomwecho. Ndiye mukamuuza kuti kugula yekha n'koopsa, iye amaona kusiyana kotani? Anthu anaphunzira kwa ife azaumoyo kuti chifuwa mankhwala ake ndi makapisozi, ndipo sadzaleka ife tisanaleke. Wazaumoyo amene wayeza malungo n'kupeza kuti palibe, kenako n'kulemba bakitilimu kuti wodwala asapite chimanjamanja, akufunika nthawi yokwanira yofotokozera, malangizo omveka, ndi bwana amene adzamuikira kumbuyo wodwala akakadandaula kuti sanapatsidwe mankhwala.

Tisaiwalenso kuti padziko pano ana ambiri akumwalirabe ndi chibayo chifukwa chosowa amokisisilini pa nthawi yake. Kutseka mawindo onse ogulitsira popanda kutsegula khomo lina kungathe kupha anthu. Khomo linalo ndi lodziwika: mankhwala oyambira asamasowe m'zipatala za pafupi ndi anthu, ndipo azaumoyo a m'madera akhale ophunzitsidwa kuwerenga mpweya ndi kupereka mlingo woyenera.

Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linakupatsani kale poyambira. Kuyambira mu 2017 linagawa maantibayotiki m'magulu atatu: oyambira, amene ayenera kupezeka paliponse, monga amokisisilini ndi nayitulofulantoyini; ofunika kuwayang'anitsitsa chifukwa amachulukitsa msanga tizilombo tosamva, monga sipulofulokisasini, azitulomayisini ndi sefitiriyakizoni; ndi osungira pamene zonse zakanika, monga kolisitini. Mu 2024 maiko anagwirizana ku msonkhano waukulu wa bungwe la Mgwirizano wa Maiko kuti pofika 2030 maantibayotiki osachepera 70 mwa 100 alionse omwedwa ndi anthu azichokera m'gulu loyambalo. Ngati oyendera masitolo muli nawo ochepa, monga zilili pafupifupi kulikonse, yambirani pa gulu lachiwirilo. Sipulofulokisasini wogulitsidwa mapiritsi anayi anayi akutilanda mankhwala a tayifodi ndi kamwazi, monga anathera kale mphamvu pa chinzonono m'madera ambiri a dziko lapansi. Wogulitsa aliyense azisunga buku loonetsa amene wamugulitsa mankhwala a m'gululi ndi pepala limene anabwera nalo, ndipo woyendera azifananiza bukulo ndi kuchuluka kwa mankhwala amene sitoloyo inaoda. Kusiyana kwa manambala awiriwo n'kosavuta kuona. Tsatiraninso amene amagulitsa pikulitsa, chifukwa wogulitsa wopanda chilolezo sapanga yekha makapisozi, alipo amene amamupatsa katoni.

Ogulitsawo musangowaona ngati adani. Kwa anthu ambiri iwo ndiwo oyamba kufunsidwa munthu akadwala, ndipo wogulitsa amene wakana amadziwa kuti kasitomala wake angolowa khomo lotsatira. Lamulo likagwira onse mofanana, kukana kumaleka kumutayitsa malonda. Mukamuphunzitsa zizindikiro zoopsa zija, adzakhala ndi chonena m'malo mongoti "ayi": adzagulitsa parasetamo, zinki ndi mapaketi a mchere ndi shuga, ndipo adzadziwa nthawi youza kholo kuti, "Mwanayu musachedwe naye, pitani kuchipatala pompano."

Chomaliza ndi malabotale. Chipatala chilichonse chimene chimabzala tizilombo chili ndi mabuku oonetsa kuti mwa E. koli amene wapezeka chaka chino ndi angati akumvabe amokisisilini, bakitilimu kapena sefitiriyakizoni. Manambala amenewo kawirikawiri amathera m'malipoti opita kumwamba. Abwezeni pansi. Kamodzi pachaka afike patsamba limodzi kwa wazaumoyo aliyense wolemba mankhwala ndi kwa wogulitsa aliyense wa chilolezo m'dera limene chipatalacho chimatumikira, ndipo awerengedwe pamsonkhano wa anthu m'chilankhulo chawo: mwa odwala khumi a matenda a mkodzo amene tinawayeza, makapisozi amene mumagula aja akadachiza angati. Zipatala zimene zilibe labotale yotere zipatsidwe njira yotumizira mkodzo ndi magazi kumene iliko, ndipo zotsatira zizibwerera wodwala asanatuluke muwodi.

Ine wanu,
Mmodzi mwa ophunzitsa zaumoyo kwa anthu